Dziko likulira, koma makaroselo anga akutuluka okha: ndiimitse kapena ndisinthe mawu?

"Ndimayendetsa mapeji a Facebook ndi Instagram a mabizinesi atatu: shopu ya zovala, malo ogona alendo kunyanja, ndi mayi wina wophika makeke. Kumayambiriro kwa mwezi ndimakonzeratu makaroselo onse, aja a zithunzi zingapo zosuntha ndi chala, n'kuwatchera kuti azituluka okha. Tsiku lina kutagwa ngozi yomwe aliyense ankalira, ine ndili paulendo, karoselo ya 'Wikendi yafika, tiyeni tinjoye' inatuluka madzulo omwewo, ndipo anthu anatinyoza kwambiri. Mwini shopu akuti analipira mapositi 12 pamwezi, ndiye azituluka basi. Kodi zikadzachitikanso ndidzaimitse zonse, kapena ndidzangosintha mawu? Nanga kuyambiranso liti?"
Nabanda, Lilongwe

Achemwali, pepani ndi zomwe zinakugweranizo, koma musadzione ngati munthu wopanda umunthu. Aliyense wotchera mapositi pasadakhale zimenezi zinamuchitikirapo, kapena zikumudikira kutsogoloku. Makina amangodziwa tsiku ndi ola lomwe munawapatsa, saona masamba pamsewu. Anthu sachedwa kuiwala positi yomwe yatuluka mwangozi n'kuchotsedwa msanga. Chomwe amasunga mumtima ndi peji yomwe yapitiriza kuvina tsiku lachiwiri ndi lachitatu ngati kuti sikunagwe kanthu.

Yambani mwaimitsa zonse, kuganiza kubwere pambuyo. Kuimitsa kumatenga mphindi khumi, ndipo mukaona kuti munachita mantha chabe, mawa mubwezeretsa chilichonse pamalo pake osataya kanthu. Koma positi yomwe yatuluka, wina n'kujambula sikirini n'kutumiza m'magulu a WhatsApp, imeneyo simungaibweze. Cholakwa chomwe ndimachiona kawirikawiri n'chakuti munthu amakhala pansi kuyamba kuwerenga positi iliyonse kuti aone ngati ili ndi vuto, akutumiza mameseji kwa kasitomala yemwe sakuyankha, nthawi ikupita, ola lija n'kukwana.

Ndikuuzeni momwe ine ndinaphunzirira, chifukwa sindinaphunzire mwaulemu. Mu Juni 2024 ndinkayendetsa peji ya shopu ina ya zovala ndi nsapato za abambo. Tsiku lokumbukira abambo limakhala Lamulungu lachitatu la Juni, ndipo chaka chimenecho linagwera pa 16. Tinakonza makaroselo asanu a sabata yonse, oyambira Lolemba pa 10. Yoyamba inali ndi masilaidi asanu ndi awiri. Pa silaidi yoyamba panali zilembo zikuluzikulu zofiira: "MITENGO YAGWA!" Yachiwiri inali ya bambo akuseka atanyamula mwana paphewa, ndi mawu akuti "Adadi anu asangalale chaka chino." Yachinayi inali ya nsapato, ndipo tinalemba kuti "Zangotera kumene, zikuuluka." Yomaliza inali ya nambala za foni ndi kaemoji kovina. Pamene tinkakonza kumayambiriro kwa mwezi, tonse tinagwirizana kuti mawu ake ndi okoma.

Lolemba lomwelo m'mawa ndege yonyamula Wachiwiri kwa Pulezidenti, a Saulos Chilima, ndi anthu ena inanyamuka ku Lilongwe kupita ku Mzuzu, n'kusowa. Lachiwiri pa 11 zinalengezedwa kuti yapezeka m'nkhalango ya Chikangawa ndipo palibe wapulumuka. Tsopano werenganinso mawu anga aja. "Mitengo yagwa", tsiku lomwe aliyense akuona zithunzi za ndege itagwa m'nkhalango, m'dziko lomwe munthu wamkulu akamwalira timati mtengo waukulu wagwa. "Zangotera, zikuuluka." "Adadi anu asangalale", pamene ana a mabanja asanu ndi anayi atsala osweka mtima. Panalibe mawu amodzi achipongwe pamene tinkawalemba, koma tsiku linawasandutsa chipongwe.

Zotchera zonse ndinaziimitsa Lolemba madzulo, nkhani ya kusowa kwa ndege itangomveka, ndipo ndinagona ndikudziyamikira. Zomwe ndinaiwala n'zakuti karoselo yoyamba ija inali itatuluka kale m'mawa, ndipo tinali titaibusita ndi ndalama kuti iyende masiku asanu ndi awiri. Inayenda usiku wonse ndi m'mawa wonse wa Lachiwiri, ikuonekera kwa anthu omwe sanatitsatirepo n'komwe, pakati pa mapositi a mapemphero. Ndinadziwira pa komenti ya mayi wina yemwe anangolemba kuti, "Inu mulibe makutu?" Vuto linali langa, osati la mwini shopu.

N'chifukwa chake ndimati kuimitsa kuli ndi malo anayi, ndipo ambiri amathera pa oyamba. Oyambawo ndi pomwe munatcherapo. Ngati ndi Meta Business Suite, lowani pa Planner kapena pa Content kenako Scheduled, ndipo positi iliyonse ya masiku atatu akubwerawo muibweze ku Drafts. Musaifufute, chifukwa ntchito yaikulu munaigwira kale. Musaisunthirenso pa tsiku lina longoganizira, chifukwa mudzaiwala, ndipo idzatuluka mwina tsiku la maliro lenileni. Dilafuti situluka yokha, ndiye ubwino wake umenewo. Ogwiritsa ntchito pulogalamu yotchera mapositi ya Buffer ali ndi mwayi, kuli Pause Queue yomwe imagwira mzere wonse wa akaunti imodzi nthawi imodzi, koma muichite pa akaunti iliyonse payokha.

Malo achiwiri ndi foni ya mwini bizinesi kapena mwana wake. Instagram imalola kutchera positi mu apu momwemo, ndipo mayi wanu wa makeke akhoza kukhala atatchera zake osakuuzani. Aimbireni, aone pa Scheduled content. Achitatu ndi malonda olipira, aja anandigwetsa ine: lowani mu Ads Manager, muzimitse kampeni yonse pa kabatani kake, kuphatikizapo mapositi obusita. Achinayi ndi zomwe zatuluka kale maola 48 apitawo, pamodzi ndi mapositi omwe munawakhomera pamwamba pa peji ndi masitori omwe akadali moyo. Facebook ndi Instagram sasonyeza mapositi motsatira nthawi yomwe anatulukira, choncho positi ya dzulo m'mawa ikhoza kufika kwa munthu lero masana, ndipo iye sayang'ana deti. Kwa iye mwalemba lero.

Tibwere pa zosintha mawu. Apa ndi pomwe karoselo imasiyana ndi positi wamba, ndipo ndi pomwe funso lanu lagona. Pa positi ya chithunzi chimodzi, nthawi zambiri uthenga uli mu kapishoni, ndipo kapishoni mumaisintha nthawi ina iliyonse. Pa karoselo uthenga timaulemba pa zithunzi pomwepo. Mukhoza kulemba kapishoni yaulemu bwanji, ya chipepeso chochokera pansi pa mtima, koma munthu akusuntha chala akuona "MITENGO YAGWA" m'zilembo zofiira. Ambiri sawerenga n'komwe kapishoni. Ndiye kusintha mawu kwenikweni kumatanthauza kubwerera ku Canva kapena komwe munapangira zithunzizo, kukonza silaidi, kutulutsanso, n'kukwezanso. Ndicho chifukwa ndimaumirira kuti mafayilo oyambirira azikhala pomwe mungawafikire ndi foni, osati pa kompyuta ya wojambula yemwe wapita kumudzi.

China chomwe ambiri sadziwa: silaidi yoyamba si yokhayo yomwe imalonjera anthu. Mkulu wa Instagram, Adam Mosseri, anafotokoza yekha mu 2024 kuti munthu akaona karoselo osasuntha chala, nthawi zambiri amamuonetsanso kachiwiri kuyambira pa silaidi yachiwiri. Pa malonda olipira palinso kasankhidwe koti makina aziika patsogolo silaidi yomwe ikukopa anthu kwambiri, ndipo ngati n'koyatsa, dongosolo lomwe munaika silitsatidwa. Wojambula sikirini nayenso amajambula silaidi imodzi yomwe yamupweteka, satumiza zonse zisanu ndi ziwiri. Choncho njira ija yoika silaidi ya chipepeso patsogolo, kumbuyo kwake n'kusiya malonda momwe analili, sigwira. Imafika poipa kuposa kukhala chete, chifukwa zimaoneka ngati munthu wofika pasiwa, wagwada, wapepesa, kenako n'kutsegula chikwama kuyamba kuonetsa kaunjika.

Silaidi iliyonse muiwerenge payokha, ngati kuti ilibe inzake, ndipo muiwerenge ndi maso a munthu yemwe wangochoka kumene pa chithunzi cha ngoziyo. Ine ndimatenga foni, kutsegula nkhani ya tsokalo, kuiyang'ana kanthawi, kenako n'kutsegula silaidi yanga. Thupi limakuuzani lokha. Yang'anani kaye maverebu athu a malonda, chifukwa ndi omwe amatembenuka msanga: kugwa, kutera, kuuluka, kuphulika, kusefukira, kukokolola, kuyaka moto, "zakupha", "mufa nazo", "mwayi womaliza", "musatsale". Kenako zithunzi: ndege, basi, madzi, moto, anthu akuwombanitsa matambula. Kenako nyimbo, ngati munaika nyimbo pa karoselo, poti munthu amatsegula foni ali pamaliro, nyimbo yovina n'kulira. Maemoji ndi mahashitagi akhale omalizira, koma musawadumphe.

Ngati karoselo yatuluka kale, pa Instagram mungathe kuchotsa silaidi imodzi polowa pa Edit, bola patsale zosachepera ziwiri, koma simungalowetse chithunzi chatsopano m'malo mwake. Ngati vuto ndi silaidi imodzi yapakati, ichotseni. Ngati vuto ndi mzimu wa karoselo yonse, dinani Archive: imabisika kwa anthu, malaiki ndi makomenti ake amasungika, ndipo mudzaibwezeretsa nthawi ikadzakwana. Kufufutiratu ndi kwa positi yomwe simudzaifunanso.

Zonse zikakhala mu dilafuti, mtima uli m'malo, ndiye mumasankha. Makaroselo asanu anga aja anathera motere. Awiri, a nthabwala za abambo ndi a "mitengo yagwa", sanatulukenso chaka chimenecho. Panalibe njira yowakonzera, poti chisangalalo ndicho chinali mutu wake. Imodzi inali yophunzitsa momwe mungayezere khosi ndi mkono wa shati, yopanda tsiku, ndipo inangodikira mpaka Julaye n'kutuluka osasintha kanthu. Iwiri yotsalayo tinaiphatikiza kukhala imodzi ya masilaidi anayi: tinachotsa zofiira n'kuika mtundu wodekha, tinachotsa nkhope zoseka n'kusiya katundu yekha, ndipo mawu anangotsala akuti "Mashati oyera ndi akuda alipo, masaizi onse. Tikutsegula 8 koloko mpaka 5 koloko." Imeneyo inatuluka Lachisanu pa 14, osabusita. Mwini shopu anafuna kuwonjezera kuti "oyenera kuvala kumaliro", ndipo ndinakana. Wofuna shati lakuda akudziwa chomwe akulifunira. Kumuuza ndiko kudyera pa maliro.

Tsiku la abambo lija, pa 16, ndi tsiku lomwe mwambo wa maliro a boma unachitikira pa bwalo la Bingu, ndipo mawa lake pa 17 a Chilima anaikidwa m'manda kwawo ku Nsipe, ku Ntcheu. Masiku awiri amenewo sitinatulutse kalikonse. Taonani kuti tsoka silikhala la tsiku limodzi: pali tsiku la uthenga, tsiku lotsimikiza, masiku oona nkhope, tsiku la maliro. Munthu yemwe anaimitsa pa 11 n'kusunthira zonse "sabata ya mawa" anakagwera pa 17 mwendo woyamba.

Nanga kuyambiranso? Boma linalengeza masiku 21 olira, ndipo ena anaganiza kuti ndiye kuti masiku 21 osalemba kanthu. Ine sindigwirizana nazo, ndipo bizinesi yaing'ono singakwanitse. M'mudzi mukagwa zovuta, wa pagolosale satseka mwezi wathunthu. Amatsitsa wayilesi, ndipo tsiku loika amatseka n'kupita nawo kumanda. Mulingo wanga ndi uwu: maola 24 mpaka 48 oyamba, chete, kupatula uthenga womwe makasitomala akuufuna, monga kuti mwatseka kapena oda yawo ichedwa. Kuchokera apo mpaka kuika maliro, zinthu zothandiza zokha, m'mawu odekha, osabusita. Maliro akaikidwa, malonda wamba abwerere pang'onopang'ono. Nthabwala, mipikisano, magule ndi zowerengera masiku kuti "kwatsala atatu" zikhale zomalizira, ndipo ngati kuli masiku olira olengezedwa, zidikire athe. Manambalawa ndi a zomwe ndaona pa ntchito, si lamulo. Chizindikiro chodalirika ndi makasitomala anu omwe: tsegulani masitetasi awo pa WhatsApp. Akadali makandulo ndi mavesi, sinakwane nthawi. Mukayamba kuona mpira, ana ndi mabefide, mukhoza kutsegula pakamwa.

Mapeji anu atatu sangayambirenso tsiku limodzi. Mayi wa makeke amagulitsa chisangalalo chenicheni, ndiye iye angonena kuti maoda akulandiridwa, zithunzi za mabaluni zidikire. Malo ogona alendo amadalira mtundu wa tsokalo. Namondwe wa Freddy atagunda chigawo cha kummwera mu Malichi 2023, matope akukokolola nyumba ku Chilobwe m'munsi mwa phiri la Soche, chithunzi chilichonse cha madzi ndi mawu akuti "bwerani mudzasambire" chinali chosayenera, ngakhale malowo ali kutali ndi kunagwa tsoka. Koma tsoka ngati limenelo limafunanso kuti mulankhule: alendo omwe anabuka akufuna kudziwa ngati msewu ukudutsika, ngati magetsi alipo, ngati angasinthe tsiku osalipira china. Pamenepo kukhala chete n'kulakwa. Uthenga wotere musaupange karoselo. Munthu wa netiweki yovuta ndi batire yotsala pang'ono safika pa silaidi yachisanu. Chithunzi chimodzi chopepuka, kapena mawu okha, n'zokwanira.

Palinso mavuto omwe si maliro koma amaononga karoselo chimodzimodzi. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, silaidi iliyonse yokhala ndi mtengo inasanduka bodza tsiku limodzi, ndipo mawu ngati "dzipatseni mphoto, mwagwira ntchito" anayamba kumveka ngati kunyoza. Pamenepo simuchita kudikira masiku. Mumakonza manambala ndi kamvekedwe, n'kupitiriza.

Za positi ya chipepeso, si yokakamiza. Ngati mwini bizinesi akuifuna, ikhale chithunzi chimodzi, mawu ochepa, popanda mtengo, popanda nambala yooderapo, logo ikhale yaing'ono kapena isakhalepo. Musalembe "mzimu wawo uuse mumtendere" boma kapena banja lisanalengeze. Usiku wa pa 10 Juni paja anthu ankafufuzabe m'nkhalango, ndipo mphekesera zinali mbwee. Musaike zithunzi za pamalo a ngozi. Ndipo pa imfa yokhudza ndale, makomenti amasanduka bwalo la milandu, ndiye ngati palibe munthu woti akhale pafupi kuwayang'anira, ndi bwino kusalemba.

Tsopano mwini shopu wanu ndi mapositi ake 12. Ali ndi mfundo, analipira. Musakangane naye za umunthu, mumupatse masamu. Muuzeni kuti palibe positi yomwe ikutayika, atatu a sabata ino adzatuluka mwezi ukubwerawu pamwamba pa 12 a mweziwo. Muuzeni kuti malonda olipira akazimitsidwa sadya ndalama, pomwe akamayenda tsiku la maliro akulipira kuti anthu amunyoze. Koma mumuuzenso mtengo wake weniweni, musamubisire: ngati kampeni ili ndi tsiku lothera, muyenera kulitalikitsa, ndipo malonda omwe aima masiku asanu ndi awiri kapena kuposa amayambiranso kuphunzira omwe angawaonetse, choncho masiku oyamba sagwira bwino monga kale. Kusintha zithunzi kapena mawu a malonda kumawabwezeranso kokaunikidwa, zomwe nthawi zambiri zimatha mkati mwa maola 24. Ndiye ngati mukufuna karoselo yokonzedwa iyambe Lachisanu, iperekeni Lachinayi.

Chomwe chidzakupulumutseni n'kugwirizana zimenezi kusanagwe kanthu. Lembani chiganizo chimodzi mu mgwirizano wanu, ngakhale ndi pa WhatsApp pomwe: "Kukagwa tsoka lalikulu, ndili ndi chilolezo choimitsa mapositi ndi malonda onse kwa maola 48 osayamba ndafunsa, ndipo omwe aimitsidwa adzabwezeredwa." Ine sinditenganso peji popanda mawu amenewa. Komanso payenera kukhala munthu wachiwiri yemwe ali ndi mphamvu pa peji ndipo mwamuonetsa pomwe adine, chifukwa inu munali paulendo, ndipo tsiku lina mudzakhala komwe kulibe netiweki, kapena inuyo ndiye ofedwa.

Pa zomwe zachitika kalezi, ngati simunapepese, mawu awiri okha akwana: kuti positiyo inatcheredwa kale ngozi isanachitike, mwaichotsa, ndipo pepani. Muwalembe kamodzi, osayankha aliyense payekhapayekha, osafufuta makomenti a anthu okwiya pokhapokha ngati ndi otukwana kapena oopseza.

Pali nthawi zomwe simuyenera kusenza nokha. Ngati tsokalo likukhudza bizinesiyo mwachindunji, monga mlendo wamira pa malo ogona aja, kapena wantchito wawo ali m'gulu la omwalira, musalembe kalikonse mwini wake asanalankhule ndi banja, ndipo mawu oti atuluke awaone loya kapena munthu wodziwa za kulankhulira kampani. Ngati mwaimitsa mpikisano womwe anthu analowa kale ndipo tsiku lothera linalengezedwa, funsani wodziwa malamulo musanasinthe mfundo zake. Ngati makomenti afika poopseza moyo wa munthu kapena kutchula komwe amakhala, jambulani umboni mupite nawo kupolisi. Ndipo ngati mwini shopu wakana zonse n'kulamula kuti karoselo ituluke momwe ilili, muuzeni akulembereni lamulolo pa meseji, muisunge, kenako muganize bwino ngati mwezi wamawa mukufunabe kuyendetsa peji imeneyo.